Mizere isanu ndi itatu ya chilengezo cha ntchito, ndi momwe imapetera ofunsira

Chilengezo chofuna wolandira odwala pa kiliniki sichitalika. Chimakhala kabokosi kakang'ono m'nyuzipepala ngati The Nation kapena The Daily Times, kapena pepala limodzi lomatidwa pageti la chipatala. Nthawi zambiri chimalembedwa m'Chingerezi, ndipo tikachiika m'Chichewa chimanena zonga izi: tikufuna munthu wolandira odwala, akhale ndi satifiketi ya MSCE yokhala ndi makirediti a Chingerezi ndi Masamu, adziwe kompyuta, atumize kalata yofunsira ntchito, CV, makope otsimikizidwa a masatifiketi, kope ya chitupa cha unzika ndi mayina a anthu atatu omuchitira umboni, zonsezi zifike pasanakwane 5 koloko madzulo Lachisanu, okhawo osankhidwa ndiwo adzaitanidwe. Basi.

Ambiri amachiwerenga kamodzi n'kuthamangira kukachita fotokope. Koma mizere yochepayi ndi lichero lomwe olemba ntchito amapetera maenvulopu asanawerenge ndi kalata imodzi yomwe. Wotsegula maenvulopuwo amakhala ndi chilengezo pambali pake, akuchonga zomwe zilimo ndi zomwe zikusowa. Ndipo pa ntchito iyi kupeta kotere kuli ndi chifukwa chomveka. Wolandira odwala amalemba dzina la wodwala m'kaundula, amafunafuna fayilo yake, amalandira ndalama n'kulemba risiti, amaonanso ngati khadi la inshuwalansi ngati la MASM likugwirizana ndi munthu amene waima patsogolo pake. Akalakwitsa chilembo chimodzi, zotsatira za magazi zitha kulowa mu fayilo ya munthu wina. Amene walephera kuika zinthu zisanu zomwe wapemphedwa mu envulopu imodzi wasonyeza kale momwe angasungire mafayilo.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wa ku Dedza waona chilengezochi Lolemba, ndipo kiliniki ili ku Lilongwe. Choyamba ayang'ane satifiketi yake moona mtima. Pa MSCE, giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Ngati pa Masamu adapeza 7, satifiketi ali nayo ndithu, koma kirediti yomwe yatchulidwa alibe. Apa aonetsetse mawu a chilengezo. Ngati chikunena kuti makireditiwo ndi ofunikira, mwayi wake ndi wochepa kwambiri. Ngati chikungoti angamuwonjezere mwayi, afunsire. Kusiyana kwa mawu awiriwa kumapulumutsa ndalama ya fotokope ndi thiransipoti. Ngati adalemba mayeso posachedwa ndipo satifiketi yeniyeni sinafike kusukulu kwake, atumize kope ya kapepala ka zotsatira ka MANEB, n'kufotokoza m'kalata mwake ndi chiganizo chimodzi kuti satifiketi akudikirabe.

Mawu akuti "otsimikizidwa" ndi amene amagwetsa anthu ochuluka. Fotokope wamba ndi kope yotsimikizidwa si chinthu chimodzi. Mtsikanayu ayenera kutenga satifiketi yeniyeni pamodzi ndi fotokope yake kupita nazo kwa munthu amene lamulo lidampatsa mphamvu yolumbiritsa, monga majisitireti kapena loya. Iye amayerekeza mapepala awiriwo, n'kudinda chidindo, kusaina ndi kulemba tsiku pa fotokopeyo. Chomwe chimapita mu envulopu ndi pepala lomwe chidindo chidagwerapo, lokhala ndi inki yeniyeni. Ena amadinditsa kamodzi kenako n'kumachita fotokope pepala lodindidwalo, ndiye chidindo chimatuluka chakuda ngati zolemba zina zonse, ndipo wopeta amazindikira msanga. Satifiketi yeniyeni isalowe mu envulopu ngakhale pang'ono. Maenvulopu a anthu osasankhidwa kawirikawiri sabwezedwa, ndipo satifiketiyo adzaifuna m'manja tsiku la intavyu.

Pali vuto lina lomwe limaoneka pokhapokha mapepala akaikidwa pamodzi patebulo, ndilo la mayina. Chitupa cha unzika, chomwe bungwe la NRB lidayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2017, chidalembedwa malinga ndi zomwe munthu adanena tsiku lolembetsa. Satifiketi idalembedwa malinga ndi kaundula wa kusukulu. Ndiye mumapeza kuti satifiketi ili ndi dzina la bambo, chitupa chili ndi mfunda kapena dzina la mwamuna, kapena chaka chobadwa pa CV chasiyana ndi cha pachitupa. Kwa wopeta, amenewo ndi anthu awiri. Mankhwala ake ndi chikalata cholumbira chonena kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi, ndipo chimapangidwa kwa olumbiritsa omwe aja, choncho ndi bwino kuchita zonse paulendo umodzi. Wokwatiwa atha kuikamo kope ya mtchatho. Chitupacho achite fotokope mbali zonse ziwiri.

Anthu atatu ochitira umboni asakhale amalume, azakhali kapena mnzake wa pamtima. Akhale anthu amene adaona kagwiridwe kake ka ntchito kapena khalidwe lake: ahedi a kusukulu, abwana a pamalo pomwe adagwirapo ntchito, abusa kapena ashehe. Awapemphe kaye, ndipo alembe nambala zomwe zikugwiradi. Kiliniki ikaimba foni n'kumva munthu akufunsa kuti "Mukunena ndani?", umboniwo watha pomwepo. Pa ntchito yoona matenda a anthu ndi ndalama, foni imeneyi imaimbidwadi.

Tsopano tsiku lotsekera. Lachisanu ndi tsiku lomwe envulopu iyenera kukhala itafika, osati lomwe yanyamuka. Mtsikana wathu awerengere chobwerera m'mbuyo. Lolemba madzulo alembe kalata ndi kukonza CV. Lachiwiri achite fotokope ndi kudinditsa, podziwa kuti kukhoti atha kupeza majisitireti ali pa mlandu n'kuuzidwa kuti abwerenso mawa. Lachitatu likhale la kubwerera koteroko. Lachinayi akwere minibasi akapereke yekha, kapena atumize pa kampani yonyamula makalata. Positi wamba, pa masiku anayi, ndi kuika mwayi pachiswe. Akakapereka pamanja, apemphe kusaina m'buku la olandira makalata, ndipo pamwamba pa envulopu alembe dzina la ntchito yomwe akufunsira, chifukwa kiliniki itha kukhala ikufunanso namwino ndi mlonda sabata yomweyo.

Ngati chilengezo chapereka imelo, mapepala onse awaike mu fayilo imodzi ya PDF motsata ndondomeko yomwe yalembedwa, osati zithunzi khumi zopendekeka zojambula pamphasa. Atumize Lachinayi. Netiweki ndi magetsi sizidziwa kuti 5 koloko yayandikira, ndipo imelo yofika 5:20 imaonetsa yokha nthawi yake.

Chilengezo chachifupi chimasiya zambiri, monga malipiro, mashifiti a usiku ndi a kumapeto kwa sabata, ndi nthawi yoyesedwa. Zimenezi n'zofunsa pa intavyu. Koma zina zikasowa, n'chizindikiro cha utambwali. Chilengezo chenicheni chimatchula dzina la kiliniki ndi komwe ili, malo oti munthu atha kupita n'kukafunsa pageti. Chopanda dzina, chongopereka nambala ya foni, kenako wina n'kuimba kuti mwasankhidwa koma tumizani ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena ya intavyu pa Airtel Money kapena Mpamba, chimenecho ndi msampha. Wotumiza mapepala kumeneko sataya ndalama yokha, wapatsanso mbava kope ya chitupa chake ndi ya satifiketi yake, zodindidwa kale.