PLC imalamula, koma tanthauzo la lamulo lili m'dalaivi

M'fakitale yogaya ufa muli fani yaikulu yokoka fumbi, ndipo mota yake siyatsidwa ndi switchi wamba. Pakati pa motayo ndi magetsi pali dalaivi, chipangizo chosintha liwiro la mota, ndipo chimalandira malamulo kuchokera ku PLC, kakompyuta koyendetsa makina onse. Tinene kuti dalaiviyo ndi SINAMICS G120 ya Siemens, yolumikizidwa pa PROFINET, ndipo katswiri waika p0922 pa 1. Akatero, PLC imatumiza manambala awiri okha mobwerezabwereza: STW1, yonyamula malamulo, ndi NSOLL_A, yonyamula liwiro.

Chosokoneza ambiri n'chakuti PLC siuza dalaivi kuti mota izungulire ka 900 pa mphindi. Imangotumiza gawo la liwiro lomwe linalembedwa kale mu p2000, ndipo nambala 16384 ndiyo imaimira liwiro lonselo. Ngati p2000 ili pa 1500 rpm ndipo tikufuna 900 rpm, masamu ake ndi awa:

```
900 / 1500 * 16384 = 9830
```

Tsono wina akadzasintha p2000 n'kuika 3000 osakhudza pulogalamu ya PLC, 9830 yomweyo idzatanthauza 1800 rpm. Chomwe chidzaletse fani kufika pamenepo ndi malire a liwiro monga omwe ali mu p1082. Mukaona fani ikuthamanga mosiyana ndi zomwe sikirini ikunena, yambani mwayerekeza p2000 ndi nambala yomwe pulogalamu ikugawira.

Liwiro likatumizidwa, mota sifikapo nthawi yomweyo. Nthawi yokwera ili mu p1120, yotsika mu p1121, ndipo zonse zimayezedwa pakati pa ziro ndi liwiro la mu p1082, osati liwiro lomwe mwapempha. Ngati p1082 ndi 1500 ndipo p1120 ndi masekondi 10, fani yathu ifika pa 900 rpm m'masekondi 6. Nthawi zimenezi siziyenda nawo m'manambala awiri aja. Zimalembedwa m'dalaivi poikhazikitsa, ndipo PLC ikafuna kuzisintha imatumiza uthenga wapadera, mwachitsanzo kudzera mu SINA_PARA.

Potsika m'pamene pamavuta. Fani yolemera ikathamanga siifuna kuima. Mukaika p1121 pa masekondi 3, fani ndiyo imayamba kukoka mota, mota n'kusanduka jenereta yobweza magetsi m'dalaivi. Voteji ya m'katimo imakwera, ndipo ikapyola malire dalaivi imazima n'kuonetsa F30002. Chizindikiro chake n'choti vutoli limabwera poimitsa kapena pochepetsa liwiro, osati poyatsa. Mankhwala otsika mtengo n'kutalikitsa p1121. Ngati ntchito ikufunadi kuima msanga, pamafunika rezisita ya buleki yosandutsa mphamvu yobwererayo kukhala kutentha. Dziwaninso kuti dalaivi ili ndi njira yodzitetezera potalikitsa yokha nthawi yotsika, choncho fani ikaima mochedwa kuposa momwe munalembera, nthawi zambiri ndiye kuti mukuipempha zomwe siingathe.

Dalaivi ikazima chonchi, imayatsa biti 3 mu ZSW1, nambala yomwe imabweza ku PLC, ndipo siyendanso mpaka vuto litafufutidwa. Chofufutira ndi biti 7 ya STW1, koma dalaivi imamva pokhapokha bitiyo ikuchoka pa 0 kupita pa 1. Pulogalamu yosiya biti 7 ili pa 1 nthawi zonse imafufuta kamodzi. Vuto lachiwiri likabwera, wogwira ntchito amadina batani mpaka chala kuwawa, dalaivi ili chete. Ndondomeko yoyenera ndi iyi:

```
16#047E
16#04FE
16#047E
16#047F
```

Nambala yoyamba imachotsa lamulo loyenda. Yachiwiri imakweza biti 7 kwa kanthawi kochepa, yachitatu n'kuitsitsa. Yomaliza, yomwe imayendetsa mota, itumizidwe PLC itaona kuti biti 3 yazima ndiponso munthu atadina batani loyambitsa. Kusiya biti 0 ili pa 1 sikuthandiza, chifukwa dalaivi yozima ndi vuto imafuna kuona biti 0 ili pa 0 isanavomere kuyatsidwanso.

Pali chiyeso cholemba pulogalamu yoti izifufuta vuto lililonse yokha kuti ntchito isaime. F30002 yobwera poimitsa ikhoza kufufutika bwinobwino, pakuti voteji imatsika yokha. Koma F30001, yonena kuti mphamvu yodutsa yachuluka, ikhoza kutanthauza waya wopsa kapena fani yogwidwa, ndipo kuyatsanso mobwereza kumaika dalaivi ndi mota pangozi. Ndi bwino kuti PLC izisunga nambala ya vuto ndi nthawi yomwe lachitika isanafufute, ndipo vuto lomwelo likabwerera posachedwa, ikane kufufutanso mpaka katswiri atayang'ana makinawo.