Dzina tingabise, nanga mawu?

Sabata yatha wophunzira wanga wina anandibweretsera pepala kuti ndimuonere. Akukonzekera kupita ku Phalombe kukajambula agogo olankhula Chilomwe, ndipo pepalalo ndi lija timawerengera munthu tisanayatse makina, lomuuza kuti ndife yani, tikufuna chiyani ndiponso mawu ake adzapita kuti. Pa ntchito yathu timalitcha pepala la chilolezo. Nditangowerenga mizere iwiri ndinavula magalasi. Wina unkati, "Dzina lanu lidzasungidwa mwachinsinsi ndipo palibe adzakuzindikireni." Winawo unkati, "Zonse zojambulidwa zidzafufutidwa pakatha zaka zisanu."

Nditamufunsa komwe anaitola, anati anakopera kwa mnzake wochita kafukufuku wa zaumoyo. Kumeneko mizereyi ndi yoona. Munthu akapereka magazi, pabotolo amalembapo nambala, dzina n'kulitsekera mu kabati, ndipo magaziwo sangaulule mwiniwake kwa munthu wodutsa. Koma ife timatenga mawu ndi nkhope. Ntchito yathu ndi kujambula anthu akuyankhula chiyankhulo chimene chikuzilala, kulemba zonse zimene anena, kuzimasulira, n'kuzisunga kuti adzukulu a adzukulu awo adzazimve. Ndiye ulonjeze bwanji kuti udzafufuta? Ngati n'choncho, bola osawononga n'komwe ndalama ya minibasi.

Chimene chanditopetsa kwambiri ndi bodza la chinsinsili, chifukwa ngakhale anthu ophunzira amalikhulupirira. Amati ukachotsa dzina n'kulemba "Woyankhula 7" ndiye kuti munthuyo wabisika. Wabisika kwa ndani? Kwa pulofesa wa ku Ulaya, inde, amene sakanamudziwa ngakhale dzina likanakhalapo. Koma kaimbe tepiyo pamsika wa kwawo. Asanamalize moni, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri akuuza kuti awa ndi agogo a kuseri kwa mjigo. Mawu sitingawasinthe ndi makina ngati mmene amachitira pa wailesi, chifukwa kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawuko n'kamene tikufuna kuphunzira. Ziyankhulo zathuzi zimasiyanitsa matanthauzo ndi kamvekedwe: m'Chichewa momwemu mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi koma khutu limazisiyanitsa. Nkhope nayo sitiiphimba mwachisawawa, poti milomo ndi manja zimayankhula nawo. Ndipo chiyankhulo chikatsala ndi odziwa bwino ochepa m'mudzi, aliyense amadziwa kuti ndi ati.

Zimenezi ndinaziphunzira kwa agogo ena aakazi ku Phalombe komweko, zaka zingapo zapitazo. Tinagwirizana kuti afotokoze m'Chilomwe kaphikidwe ka kalongonda, nyemba zija zofuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo kuti zisakuledzeretse. Nkhani yabwinobwino yopanda chobisa. Tinajambula mphindi 40. Koma chapakati, pofotokoza munda umene ankalima nyembazo, anapatuka n'kuyamba za mlamu wawo amene anasuntha malire, kumutchula dzina ndi kumunena zina zoti sindingalembe pano. Mphindi zitatu zokha, kenako anabwerera ku mphika wawo.

Pepala anali atadinda kale chala m'mawa. Mwalamulo ndikanangonyamuka. Koma munthu amavomera bwanji m'mawa zimene sakudziwa kuti adzanena masana? Mawa lake ndinabwerako ndi kasipika, tinakhala pamphasa n'kumvetsera zonse. Titafika pa mlamu paja anagwira pakamwa.

"Mwanawe, izizi zimvekanso kunja?"

"Ee, Agogo, mukalola. Ngakhale mdzukulu wanu wa ku Joni angazimve pafoni."

"Ayi, za alamu chotsani. Za nyemba zipite."

Ndinawafunsa ngati akufuna kuti dzina lawo ndilibise. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati, "Kalongonda ndaphika ndine, mawu ndi anga, ndiye mulembepo nambala? Ndaba chiyani?" Mpaka lero dzina lawo lili pa chojambulacho, ndipo mphindi zitatu zija mulibe.

N'chifukwa chake pepala labwino silimulonjeza munthu chinsinsi chimene sitingakwanitse. Limanena poyera kuti odziwana naye adzamuzindikira, kenako limamupatsa zosankha, chilichonse pachokha: mawu okha kapena ndi vidiyo yomwe, dzina lenileni kapena lopeka, ndiponso ndani aloledwe kumvera. Funso lomalizali si lamwambo chabe. Nkhokwe zosungira zojambulazi zili ndi zitseko. Ina yodziwika ndi ELAR, imene inayambira ku London m'chaka cha 2002 ndipo pano ili ku Berlin. Kumeneko chojambula cholembedwa O aliyense angachione, cholembedwa U chimafuna kuti munthu ayambe walembetsa dzina lake, pomwe cholembedwa S amayenera kuchita kupempha kwa amene anachisungitsa. Gule wa tchopa, amene UNESCO inamuika pa mndandanda wake mu 2014, amavinidwa pabwalo, ndipo ovina ambiri sakana kuonedwa. Malangizo a kuchinamwali ndi nkhani ina. Ine mwamuna sindikhalapo n'komwe. Amajambula ndi mnzanga wamkazi, anankungwi akalola, ndipo chitseko chake amasankha ndi iwowo.

Pali mzere winanso umene timaukonda: "Mungathe kusiya nthawi ina iliyonse." Ndi woona theka. Munthu angathe kuimitsa makina, angathenso kutiuza patapita zaka kuti titseke chojambula chake. Koma chimene wina anakopera kale pa kompyuta yake, kapena chiganizo chimene chinalowa m'buku losindikizidwa, sitingachibweze. Madzi akatayika saoleka, ndipo pepalalo liyenera kunena choncho asanatayike.

Za siginecha ndi chidindo cha chala ndingonena mwachidule. Kumudzi chala amadinda pa ngongole, pa malo ndi pa makuponi. Ena amakana poopa kulandidwa munda, ena amathamangira poyesa kuti kukubwera feteleza, ndipo onsewa sanamve chimene ukupempha. Kumbukiraninso kuti mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Mlendo wa chikwama cha mawaya ndi pepala lachizungu amafunika kufotokoza bwino. Ine ndimakonda kujambula chilolezocho pa tepi: ndifotokoze, munthuyo andibwerezere m'mawu akeake, avomere. Komabe makomiti oona za kafukufuku, kaya a ku yunivesite kaya a boma, si onse amene amalola chilolezo cha pakamwa chokha, choncho funsani musananyamuke.

Wophunzira wanga ndinamuuza kuti alembenso pepala lisapitirire tsamba limodzi, m'Chichewa cha pakhomo, ndipo apeze womuwerengera m'Chilomwe. Mawu oti nkhokwe ya pa intaneti awafotokoze poonetsa pafoni chojambula cha munthu wina chimene chili kale kumeneko. Ngati pali kangachepe kothokoza anene kuchuluka kwake, ngati palibe anenenso. Asalonjeze kuti chiyankhulo chidzabwerera kapena kuti ana adzachiphunzira kusukulu, pakuti zimenezo sizili m'manja mwake. Aikepo nambala ya foni imene idzagwirabe ntchito iye atamaliza sukulu, asiye pepala limodzi ndi mwini mawu. Kwa amfumu ayambireko, koma mfumu imatsegula mudzi, sivomerera munthu. Agogo amene nzeru zayamba kubwerera kuubwana, kapena ana ongolowa m'chithunzi, apo ndimazengereza nanenso, ndipo nthawi zambiri ndimazimitsa makina n'kuitana achibale.

Wabweranso dzulo ndi tsamba latsopano. Mzere wa zaka zisanu wachotsa. M'malo mwa wa chinsinsi uja walemba kuti, "Anthu okudziwani adzazindikira mawu anu." Anandifunsa ngati zimenezi sizithawitsa anthu. Ndinamuuza kuti ena adzakanadi, ndipo pa ndondomeko yake aonjezerepo tsiku limodzi pa mudzi uliwonse, lobwerera ndi kasipika.