Pulogalamu ikuyenda bwino, nanga yalephera bwanji mayeso obisika?

Mwalemba pulogalamu, mwaiyesa ndi chitsanzo chomwe chili mu funso, yankho latuluka lolondola. Koma mutaitumiza, makina ochonga akuti yakhoza mayeso 7 okha mwa 10, ndipo atatu enawo sakukuonetsani. Kawirikawiri vuto limakhala kumalire: pomwe palibe nambala, pomwe pali imodzi yokha, kapena pomwe nambala yakula kwambiri.

Tiyeni tione ndi chitsanzo cha fizikisi. Kangolo kakuyenda, ndipo sekondi iliyonse tikulemba mamita omwe kafika. Tikufuna liwiro lake.

```python
def liwiro(m):
    return (m[-1] - m[0]) / (len(m) - 1)
```

Tikaipatsa `[0, 2, 4, 6]`, mtunda ndi mamita 6. Miyezo ndi inayi, koma masekondi apakati pake ndi atatu, n'chifukwa chake tikuchotsa 1. Yankho ndi `2.0`. Zili bwino.

Tsopano ipatseni muyezo umodzi, `[5]`. Pansi pamakhala 1 kuchotsa 1, ndiye kuti tikugawa ndi ziro, ndipo Python imaima n'kulemba `ZeroDivisionError`. Fizikisi ikuvomereza: kuona kangolo kamodzi kokha sikungakuuzeni liwiro lake. Nanga mndandanda wopanda kanthu, `[]`? Apa `m[-1]` ikufuna nambala yomaliza yomwe kulibe, ndiye mumalandira `IndexError`. Mavuto awiriwa amatha mukaika mizere iyi pamwamba pa `return`:

```python
    if len(m) < 2:
        return None
```

Koma werengani funso kaye. Ngati likuti pamenepo mubweze `0`, bwezani `0`, apo ayi mulepheranso.

Nambala zazikulu ndiye zoopsa, chifukwa nthawi zina sizichenjeza n'komwe. Mu Python nambala yathunthu imakula mmene ingafunire, koma mu Java `int` imathera pa 2,147,483,647. Mukawonjezera 1, imatembenuka n'kukhala -2,147,483,648, pulogalamu n'kumapitirira ngati palibe chachitika. Mwina mukuti nambala yotero simungaifike. Yezani mtunda m'mamilimita muone: malirewo ndi makilomita pafupifupi 2,147 basi. Mukaona yankho lili pansi pa ziro pomwe mumawonkhetsa nambala zapamwamba pa ziro zokhazokha, dziwani kuti `int` yasefukira. Gwiritsani ntchito `long`.

Izi si za m'kalasi mokha. Pa 4 Juni 1996, roketi ya Ariane 5 inaphulika pasanathe mphindi imodzi itanyamuka. Nambala yokhudza liwiro lake lopita cham'mbali inaikidwa m'malo a mabiti 16, omwe amathera pa 32,767. Gawo la pulogalamulo linachokera ku Ariane 4, komwe nambalayo sinkafika pamenepo.

Choncho musanatumize, yang'anani malire omwe funso lapereka. Likati miyezo ikhoza kuyambira pa 0 mpaka 100,000, yesani 0, yesani 1, yesani 100,000. Ochonga nawonso amayambira pomwepo.