Kalata yopempha adivansi: lembani ndalama, chifukwa ndi tsiku lobweza

M'maofesi ambiri adivansi imapemphedwa pakhonde. Munthu amadikira bwana atuluke ku msonkhano, n'kuwatsatira mpaka pagalimoto, n'kunena chapansipansi kuti, "Bwana, zinthu zandithina, mundiganizireko." Bwanayo amayankha kuti tiona, ndipo nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Sikuti mabwana onse ndi ouma mtima. Vuto ndi lakuti pempho lotere silipatsa munthu chogwira. Ndalama zingati? Zibwera liti? Wa ku akaunti alemba chiyani m'mabuku? Kalata yabwino imayankha mafunso amenewa bwana asanawafunse, ndipo mayankho ake amakhala manambala.

Adivansi ndi malipiro anu omwe, amene mwawatenga nthawi yake isanakwane. Si mphatso, ndipo si ndalama yowonjezera. Chilichonse chomwe mwalandira lero chidzasowa pa malipiro a miyezi ikubwerayi. Choncho ntchito yeniyeni imayamba kalata isanalembedwe, pamene munthu wakhala pansi ndi pepala lake la malipiro, lomwe ambiri amalitcha peyisilipi, kuti aone ngati angapirire kudulidwako.

Tiyerekeze kalaliki wina wa pa kampani ina ku Kanengo mu Lilongwe. Mwini nyumba yomwe amachita lendi waigulitsa, ndipo wamuuza kuti atuluke pakutha pa Febuluwale. Wapeza nyumba ina ya K70,000 pamwezi, mtengo womwewo ndi yakale, koma landilodi watsopanoyo akufuna lendi ya miyezi itatu pakamodzi, K210,000, pofika pa 15 Febuluwale, apo ayi nyumbayo aipereka kwa wina. Galimoto yosamutsa katundu ikufuna K30,000. Zonse pamodzi ndi K240,000. Iye ali ndi K60,000 yomwe anasunga. Ndiye kuti ikuperewera K180,000, ndipo imeneyi ndiyo ayenera kupempha, osati K200,000 pofuna kuti nambala ioneke yozungulira, kapenanso K250,000 poganiza kuti bwana adzatsitsa. Ku ofesi si kumsika. Nambala yomwe ikugwirizana ndendende ndi mapepala omwe mwaphatikiza imakhulupirika kuposa ina iliyonse.

Tsopano peyisilipi. Pamwamba palembedwa K450,000, koma imeneyi si ndalama yomwe amaiona m'manja. Tinene kuti msonkho wa PAYE wopita ku MRA watenga K75,000. Mlingo wa msonkhowu umasinthasintha malinga ndi bajeti ya boma, choncho aliyense awerenge womwe uli pa pepala lake. Penshoni yatenga K22,500, pakuti lamulo la penshoni m'Malawi limati wantchito azisonkha K5 pa K100 iliyonse, olemba ntchito n'kuikapo K10. Ngongole ya ku SACCO ikudya K40,000, ndipo thumba lothandizana pa maliro la pantchitopo likutenga K5,000. Yofika ku banki ndi K307,500. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amawerengera mphamvu zawo zobwezera pa K450,000, kenako mwezi woyamba kudulidwa amadabwa kuti ndalama yathera kuti.

Pa K307,500 ija pamachoka lendi K70,000, chakudya K120,000, ya minibasi K40,000, magetsi ndi madzi K20,000, makala K15,000. Zonsezi ndi K265,000, kutsala K42,500. Munthu akangoyang'ana pamenepa anganene kuti kalalikiyu sangathe kubweza kuposa K40,000 pamwezi. Koma taonani chomwe adivansiyo ikugula. Akalipiriratu lendi ya Malichi, Epulo ndi Meyi, ndiye kuti malipiro atatu otsatizana sadzakhala ndi lendi yolipira. K70,000 imamasuka mwezi uliwonse. Angathe kudulidwa K60,000 katatu osachepetsa ndiwo pakhomo: ku banki kuzifika K247,500, zofunika pakhomo zopanda lendi ndi K195,000, ndipo azitsala ndi K52,500. Iyi ndi mfundo yomwe imakopa bwana, chifukwa ikusonyeza gwero lenileni la ndalama yobwezera.

Mwezi woyambira kudula nawonso ndi wofunika kuusankha bwino. Mtima umafuna kupuma kaye, n'kunena kuti ayambe kudula mu Malichi. Koma lendi ya mwezi imalipidwa kuchokera ku malipiro a kumapeto kwa mwezi wapitawo. Malipiro omasuka ndi a Febuluwale, Malichi ndi Epulo. A kumapeto kwa Meyi ayenera kulipira lendi ya Juni. Akayamba mochedwa, kudula komaliza kudzakumana ndi lendi mwezi umodzi, K130,000 n'kuchoka nthawi imodzi, ndipo munthu yemwe amathawa katapila adzapezeka ali pakhomo pa wakatapila.

Zikatere kalata ingathe kulembedwa. Pamwamba pamakhala keyala, tsiku, ndi udindo wa yemwe mukumulembera. M'makampani ambiri kalata imapita kwa mkulu woona za antchito kudzera kwa bwana wanu wapafupi, ndipo kumulumpha ameneyu n'kudziputira mavuto. Thunthu lake lingakhale lotere:

Wokondedwa Bwana,

PEMPHO LA ADIVANSI YA K180,000

Ndalemba kalatayi kupempha adivansi ya K180,000 pa malipiro anga. Nyumba yomwe ndikukhala yagulitsidwa ndipo ndiyenera kutulukamo pofika pa 28 Febuluwale. Nyumba yomwe ndapeza ikufuna lendi ya miyezi itatu, K210,000, pofika pa 15 Febuluwale, ndipo kusamuka kudya K30,000. Pa K240,000 imeneyi ndili nayo kale K60,000.

Ndikupempha kuti ndibweze podulidwa K60,000 pa malipiro a Febuluwale, ngongole n'kutsala K120,000. K60,000 pa malipiro a Malichi, n'kutsala K60,000. Ndi K60,000 yomaliza pa malipiro a Epulo. Pakali pano ndimalandira K307,500 zonse zikachotsedwa. M'miyezi itatuyi ndizilandira K247,500, ndipo idzandikwanira chifukwa sindidzakhala ndi lendi yolipira.

Ndilibe adivansi ina yomwe sindinamalize. Ngongole yanga ya ku SACCO, ya K40,000 pamwezi, yawerengedwa kale m'manambalawa. Ndikuvomereza kuti ngati ntchito yanga itatha ngongoleyi isanathe, yotsalayo idzachotsedwe pa malipiro anga omaliza. Ndaphatikiza kalata yonditulutsa m'nyumba, kalata ya mwini nyumba yatsopano ndi peyisilipi ya Januwale.

Ndidzathokoza mukandiganizira pofika pa 12 Febuluwale.

Ine wantchito wanu,

Pansi pake dzina, nambala ya pantchito, dipatimenti ndi siginecha. Ngati pantchito panu makalata amalembedwa m'Chingerezi, zolembamo ndi zomwezi.

Onani zomwe kalatayi yasiya. Mulibe mbiri ya mavuto onse a pabanja, mulibe kudandaula kuti malipiro ndi ochepa, mulibenso kukumbutsa bwana zaka zomwe mwawagwirira ntchito mokhulupirika. Nkhani yokweza malipiro ili ndi kalata yakeyake, ndipo ikalowa muno bwana amayamba kudziteteza m'malo mowerenga manambala. Mndandanda wa makala ndi ndiwo nawo watsala kunyumba. Unali wothandiza wolembayo kudziwa zoona, ndipo bwana akungofuna zotsatira zake. Koma ngongole ya ku SACCO yatchulidwa poyera. Wa ku akaunti amaiona mwezi uliwonse, ndipo kuibisa kumangochititsa kuti manambala ena onse akayikiridwe.

Chiganizo chovomera kudulidwa pa malipiro omaliza ena amachiopa, koma ine ndimachiona ngati msana wa kalata yonse. Mantha aakulu a wolemba ntchito ndi akuti munthu alandira ndalama lero, mwezi wamawa n'kutsanzika. Mukawachotsera mantha amenewa, mwatsegula khomo. Chomwe simuyenera kulonjeza ndi penshoni yanu, chifukwa ndalama imeneyo imasungidwa ndi kampani ya penshoni, siili m'manja mwa bwana. Dziwaninso kuti lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaika malire pa zomwe olemba ntchito angadule pobweza ngongole kapena adivansi: zisapitirire theka la malipiro a nthawi imeneyo. Theka ndi malire a lamulo chabe, si mlingo woti munthu aufunefune. Banja lochepa kwambiri lingakhale ndi moyo pa theka la malipiro. Makampani ambiri alinso ndi malamulo awoawo a adivansi, onena kuchuluka kwake ndi miyezi yobwezera, ndipo ndi bwino kuwawerenga kapena kufunsa ku ofesi ya antchito musanalembe, kuti musapemphe chinthu chomwe bwana alibe mphamvu yovomereza. Funsaninso tsiku lomwe a ku akaunti amatseka mndandanda wa malipiro, chifukwa kalata yofika mochedwa imakankhira kudula koyamba ku mwezi wotsatira, ndondomeko yanu yonse n'kusokonekera.

Pali funso limodzi lomwe lingagwetse masamu onse a kalaliki uja, ndipo ayenera kulifunsa kwa landilodi asanalembe kalata: miyezi itatuyi ikatha, lendi izilipidwa mwezi ndi mwezi, kapena izikhalabe ya miyezi itatuitatu? Ngati ndi ya miyezi itatuitatu, K70,000 ija siinamasuke konse. Iyenera kusungidwa mwezi uliwonse kuti kumapeto kwa Meyi K210,000 ina ikhale ilipo. Pamenepo ndondomeko yoona ndi ya K30,000 pamwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira Febuluwale mpaka Julayi. Ku banki kuzifika K277,500, kuchotsa K195,000 ya pakhomo ndi K70,000 yosunga, kutsala K12,500 yokha. Ndi zothina, mwana akangodwala zavuta, koma ndi manambala oona. Kuli bwino kupempha miyezi isanu ndi umodzi poyamba pomwe kusiyana ndi kulonjeza itatu kenako n'kubwerera mu Meyi ndi kalata yachiwiri. Chimodzimodzi ndi fizi ya sukulu, yomwe imabwera katatu pachaka: ngati kubweza kukufika mpaka teremu yotsatira itatsegulidwa, adivansiyo siikuthetsa vuto, ikungolisunthira kutsogolo, ndipo chofunika pamenepo ndi kuonanso bajeti yonse ya pakhomo.

Bwana akavomera, pemphani kuti chivomerezocho chilembedwe, ngakhale pa kalata yanu yomweyo, ndipo musunge kope yake. Chilembedwenso ngati pali chiwongoladzanja kapena palibe. Akavomera ndalama yochepera pa yomwe munapempha, konzaninso ndondomeko yobwezera, nonse musayinire yatsopanoyo. Kenako mwezi uliwonse yang'anani peyisilipi ngati adula ndalama yomwe munagwirizana. Zimachitika kuti a ku akaunti aiwala kudula mwezi umodzi, n'kudzadula kawiri mwezi wotsatira. Mukaona kuti sanadule, musaidye ndalamayo. Isungeni ndipo kawauzeni tsiku lomwelo. Zimachitikanso kuti kudula kumapitirira ngongole itatha kale. Choncho peyisilipi ya mwezi wotsatira kudula komaliza muiwerenge mosamala, ndipo ngati K60,000 yachotsedwanso, pitani ku akaunti mutanyamula kope ya kalata yanu.