Sensa ikayamba kunama, buku lokha ndilo limaigwira

Ntchito yanga ndi yokonza ndi kuyang'anira mafuriji ndi zipinda zozizira zosungiramo katemera. Anthu akamva choncho amaganiza za sipanala ndi gasi, koma chida chimene chandipulumutsira katemera wambiri ndi buku lokhala pakhomo la chipinda, limene timalembamo kuzizira kwa m'kati kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi chomwe.

Katemera wambiri amafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8. Za kutentha aliyense amadziwa kuti kumawononga mankhwala, koma ambiri sadziwa kuti kuzizira kopitirira nakonso n'koopsa. Katemera wa kafumbata, wa chibayo ndi wa Penta akaundana kamodzi kokha amatha mphamvu, ndipo akasungunuka mphamvuyo sibwereranso. Botolo limaoneka bwinobwino, mwana amabayidwa, koma chitetezo palibe.

Kuti mumvetse vuto limene ndikufuna kufotokoza, yambani mwadziwa mmene chipindacho chimadziyendetsera. M'kati muli kachingwe kokhala ndi kansonga komva kutentha, kamene timati sensa. Kameneka kamauza makina kuti m'kati mwafunda kapena mwazizira, ndipo makinawo amayatsa kapena kuzimitsa kompuresa. Nambala yowala pakhomo ija imachokera ku sensa yomweyo. Ndiye tiyerekeze kuti chipinda chinatcheredwa pa madigiri 5, sensa n'kuyamba kuonjezera digiri imodzi pa zoona. Makina aziziritsa chipinda mpaka sensayo inene kuti 5, pamene m'katimo muli 4. Pakhomo padzalembedwabe 5. Sensa yoyendetsa makina singadziulule yokha, chifukwa mboni ndi woweruza ndi munthu mmodzi.

N'chifukwa chake buku labwino silitenga nambala pamalo amodzi. Ine ndimafuna mizere iyi: tsiku ndi nthawi, nambala ya pakhomo, nambala ya choyezera chachiwiri chosalumikizidwa ku makina chimene chimakhala pakati pa katemera, kusiyana kwa nambala ziwirizo, zochitika za tsikulo, ndi dzina la wolemba. Pa zochitika timalemba ngati magetsi anathima, jenereta inayaka nthawi yanji, kapena ngati tinalandira katundu chitseko n'kukhala chotsegula. Mzere wa kusiyana ndi umene anthu amaudumpha, chonsecho ndiwo mtima wa buku lonse.

Ndinaziona ndi maso pa chipinda china cha pa boma, chimene sinditchula. Wosunga katemera kumeneko anali wakhama, sanadumphepo tsiku. Nambala ya pakhomo inkasewera pafupi ndi 5.0 kwa masabata asanu. Choyezera chachiwiri sabata yoyamba chinkanena 4.8, yachiwiri 4.4, yachitatu 3.9, yachinayi 3.3, yachisanu 2.8. Nambala zonsezi zili pakati pa 2 ndi 8, choncho belu silinalire, ndipo woyang'anira ankasainira mwezi ukatha mtima uli m'malo. Nditatenga pensulo n'kulemba kusiyana kwake m'mbali, zinaonekera poyera: 0.2, 0.6, 1.1, 1.7, 2.2. Mpata unkakula sabata ndi sabata, kulowera mbali imodzi.

Kusokonekera kwa sensa kumazindikirika motero. Magetsi akathima kapena chitseko chikakhalitsa chotsegula, nambala zonse ziwiri zimakwera limodzi, kenako n'kutsikanso limodzi pasanapite maola ambiri. Makina akamasungunula madzi oundana pa mapaipi, nambala ya pakhomo imatha kudumpha kwa mphindi zingapo n'kubwerera. Koma sensa yodwala sidumpha. Imatsetsereka pang'onopang'ono osabwerera, moti ukayerekeza lero ndi dzulo suona kanthu. Uyenera kutsegula masamba a m'mbuyo, kuyerekeza Lolemba lino ndi Lolemba la mwezi watha, pa nthawi yofanana, chitseko chisanatsegulidwe.

Zida ziwiri zikasemphana, funso limatsala: chonama ndi chiti? Apa pamafunika mboni yachitatu yosakondera, ndipo mboniyo ndi ayezi. Madzi oyera osakanikirana ndi ayezi amene akusungunuka amakhala pa digiri 0. Timaphwanya ayezi kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, kudzaza fulasiki, n'kuthiramo madzi oyera ozizira ongokwanira kutseka mipata. Ayezi akayandama, madzi achuluka ndipo pansi padzakhala pofunda. Timatakasa, kudikira mphindi zingapo, kenako n'kulowetsa nsonga ya choyezera pakati, osakhudza m'mbali kapena pansi, mpaka nambala itasiya kuyenda. Chida chabwino chisaphonye 0 ndi kuposa theka la digiri. Kumbukirani kuti sensa ya makina ikakhala mu ayezi kompuresa imazima, choncho ntchitoyi isatenge nthawi, ndipo chitseko chikhale chotseka.

Tsiku limenelo choyezera chachiwiri chinanena 0.1, sensa ya makina inanena 2.1. Mlandu unathera pomwepo. Nditayeza pa shelefu yoyandikana ndi pamene mphepo yozizira imatulukira, ndinapeza digiri 1 yokha, pakuti malo amenewo amazizira kuposa pakati pa chipinda. Zikanapitirira masabata ena awiri kapena atatu, makatoni a pa shelefuyo akanaundana, pakhomo pakulembedwabe 5.

Choyambitsa chinali chinyezi. Sensa zambiri za m'zipinda zoterezi zimayeza kutentha poona mmene magetsi akudutsira mosavuta m'kansonga: kukafunda amadutsa mosavuta, kukazizira amavutika. Pulasitiki ya pakhosi pa kansongako inali itang'ambika, madzi n'kumalowa, ndipo madziwo anapatsa magetsi njira yachidule. Makina anaona ngati kwafunda, n'kumaziziritsabe. Zimachitikanso mosemphana: dzimbiri pa mfundo ya waya limavutitsa magetsi kudutsa, makina amaona ngati kwazizira, chipinda n'kumafunda mwakachetechete.

Makina ambiri amalola kuchotsera kapena kuonjezera pa nambala ya sensa, ndipo amisiri ena amangochotsera madigiri awiriwo n'kunyamuka. Ine sindivomereza. Kuchotsera kumathandiza sensa imene imaphonya mofanana nthawi zonse. Iyi inkaipiraipira sabata iliyonse, moti mwezi wotsatira ikanaphonyanso. Tinaika yatsopano, kuiyesa mu ayezi isanamangidwe, ndi kuchotsa katemera woopa kuundana pafupi ndi potulukira mphepo. Zonsezi tinazilemba m'buku pamodzi ndi tsiku lake.

Buku nalonso lili ndi polekezera. Limaona chipinda kawiri kokha pa tsiku, za pakati pausiku silidziwa. N'chifukwa chake timaikamonso kachipangizo kosunga mbiri ya masiku 30, monga Fridge-tag, kamene kamachenjeza kuzizira kukafika -0.5 kwa ola lathunthu, kapena kutentha kukapitirira 8 kwa maola 10. Koma machenjezo amenewa amabwera zinthu zitafika kale poipa. Mzere wa kusiyana umalankhula kukadali nthawi.

Kwa inu osunga makiyi a chipinda chozizira, lembani nambala imene mwaiona, ndi kadontho kake komwe: 4.4 ikhale 4.4, musaisandutse 4. Musakopere ya dzulo. Choyezera chachiwiri chizikhala pamalo amodzi, chifukwa mukachisuntha mpata usintha popanda vuto lililonse. Lachisanu lililonse tsegulani masamba a masabata anayi apitawo. Mukaona mpata ukukula masabata atatu otsatizana, kapena wafika digiri imodzi, phwanyani ayezi ndipo muitane mmisiri, ngakhale pakhomo pakuwala 5.