Njira ya Huffman yochepetsera kukula kwa mafayilo

Kompyuta imasunga chilembo chilichonse ngati mabiti, omwe ndi manambala 0 ndi 1. Mu 1952, David Huffman anafalitsa njira yopatsa zilembo zopezeka kawirikawiri mabiti ochepa, pomwe zosowa zimalandira ambiri.

Mwachitsanzo, uthenga wa zilembo 100 ungakhale ndi A 45, B 30, C 15 ndi D 10. Zilembozi amaziika pamzere womwe chosowa kwambiri chimakhala kutsogolo nthawi zonse. Amachotsa ziwiri zakutsogolo, D ndi C, n'kuzimanga pamodzi kukhala 25. Mtolowu umabwerera pamzere pamalo oyenera kukula kwake, ndipo umaphatikizidwa ndi B kukhala 55. Pomaliza, 55 imakumana ndi A. Pakuphatikiza kulikonse, mbali ina imapatsidwa 0, inayo 1. Kuwerenga kuchokera pomaliza kubwerera m'mbuyo, A amakhala `0`, B `10`, C `110`, D `111`.

Luso lake lagona apa: palibe chizindikiro chomwe chili chiyambi cha chinzake. Choncho `0110100` ingawerengedwe mwanjira imodzi yokha, ACBA, ngakhale pakati palibe mipata. Uthenga wonse umatenga mabiti 180, pomwe kupatsa chilembo chilichonse mabiti awiri kukadatenga 200.

Zilembo zinayi zikamapezeka mofanana, palibe chimene chimapulumuka. Komanso biti imodzi ikalakwika m'njira, zilembo zotsatira zingasokonekere, ndipo wolandira uthenga ayenera kukhala ndi ndandanda ya zizindikirozo. Ngakhale zili choncho, mafayilo a ZIP, JPEG ndi MP3 amagwiritsabe ntchito njirayi.