Chigayo cha bungwe chimakhoma msonkho ngakhale phindu lake lipite kwa ana amasiye

Mabungwe ambiri a alimi ku Angonia, Tsangano ndi Makanga amayamba ndi ndalama za umembala komanso thandizo lochokera kwa anthu akufuna kwabwino. Pakapita zaka zingapo amagula chigayo, kapena amayamba kugula soya ndi mbatata kwa alimi n'kumagulitsa kwa amalonda. Akauzidwa za msonkho, atsogoleri ambiri amayankha kuti bungwe lawo si la malonda, ndipo palibe membala amene amatengako ndalama kupita nayo kunyumba. Zimenezi zikhoza kukhala zoona, koma sizichotsa msonkho. Lamulo la Mozambiki limayang'ana kumene ndalama yachokera, osati kumene ikupita.

Msonkho umene ukukambidwa pano ndi IRPC, womwe umakhomedwa pa zopeza za makampani ndi mabungwe. Lamulo lake ndi la nambala 34/2007, ndipo amene amautolera ndi a Autoridade Tributária. Kwa bungwe limene ntchito yake yaikulu si malonda, lamuloli limapatula mitundu iwiri ya ndalama. Woyamba ndi ndalama za umembala zimene anthu amapereka motsatira malamulo olembedwa a bungwelo. Wachiwiri ndi thandizo limene laperekedwa kuti bungwe ligwirire ntchito imene linakhazikitsidwira. Ndalama zimenezi siziwerengedwa pa msonkho. Koma zimene bungwe lapeza pogulitsa katundu, pogwira ntchito yolipidwa kapena pochititsa lendi nyumba zimawerengedwa, monga momwe zikanawerengedwera kwa wamalonda aliyense.

Chifukwa chake si chovuta kuchimvetsa. Pamsika pakhoza kukhala zigayo ziwiri, china cha bungwe, china cha bambo amene anatenga ngongole kuti agule makinawo. Zonse zikugaya chimanga cha anthu omwewo. Bungwe likanakhululukidwa msonkho pa chigayo chake, likanatsitsa mtengo mpaka mnzakeyo atatseka, ndipo posakhalitsa wamalonda aliyense wochenjera akanasonkhanitsa abale ake khumi n'kudzitcha bungwe lothandiza anthu.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize kuona mmene masamu ake amayendera. Bungwe lina kufupi ndi Ulongwe lili ndi mamembala 40, ndipo aliyense amapereka mametikali 500 pachaka. Zonse pamodzi ndi 20,000. Chaka chomwecho lalandira thandizo la mametikali 280,000 loti liphunzitsire alimi kusunga mbewu komanso kuphikira phala ana amasiye. Ndalama zimenezi, mametikali 300,000, zilibe msonkho.

Bungwe lomwelo lili ndi chigayo, chomwe chatolera mametikali 200,000 kuchokera mu Januwale mpaka Disembala. Msonkho sukhomedwa pa ndalama yonseyi, koma pa phindu. Dizilo anadya 90,000, mnyamata woyendetsa chigayo analipidwa 36,000, ndipo malamba, sefa ndi mmisiri wokonza zinatenga 14,000. Zowonongedwa zonse ndi 140,000, choncho zotsala ndi 60,000.

Pali ndalama zinanso zimene zinagwira ntchito mbali zonse ziwiri: lendi ya kachipinda ka ofesi, mapepala, mayunitsi a foni ya mlembi, ndi maulendo a msungichuma opita ku banki. Tinene kuti zinakwana 50,000. Izi sizichotsedwa zonse pa phindu la chigayo, chifukwa ofesiyo imagwiranso ntchito ya phala ndi maphunziro. Zimagawidwa molingana ndi kukula kwa ndalama zimene mbali iliyonse inabweretsa. Bungweli linalandira 500,000 pamodzi, ndipo chigayo chinabweretsa 200,000, omwe ndi magawo awiri mwa magawo asanu. Magawo awiri mwa asanu a 50,000 ndi 20,000. Akachotsedwa pa 60,000 uja, patsala 40,000, ndipo apa ndi pamene msonkho umagwera. Mlingo wa IRPC ndi mametikali 32 pa 100 aliwonse, kotero bungweli lipereka 12,800.

Mwina komiti inagwirizana kale kuti phindu lonse la chigayo ligulire shuga ndi ufa wa soya wa phala la ana. Ndi chisankho chabwino, koma 12,800 uja sasintha. Komiti yanzeru imayamba yapatula ndalama ya msonkho, kenaka n'kugawa zotsalazo.

Chimene chimapweteka mabungwe kwenikweni si mlingo wa 32, koma kusowa kwa mapepala. Zowonongedwa zimachotsedwa pokhapokha pali umboni wake. M'madera a m'malire dizilo amagulidwa kawirikawiri m'zigubu m'mbali mwa msewu, kumene kulibe risiti kapena fatura. Ngati bungwe lija lilephera kuonetsa umboni wa dizilo wa 90,000, phindu lowerengedwa limakwera kuchoka pa 40,000 kufika pa 130,000, ndipo msonkho umafika pa 41,600. Apa msonkho waposa phindu lenileni la chigayocho. Dizilo wa m'chigubu amaoneka wotchipa tsiku logula, koma mtengo wake weniweni umadzaoneka chaka chikatha.

Vuto lina ndi kusakaniza ndalama. Msungichuma akaika ndalama za thandizo ndi za chigayo m'thumba limodzi, n'kuzilemba m'kope limodzi pansi pa mawu akuti "zolowa", ndiye kuti bungwe lataya njira yosonyezera kuti 280,000 ija inali mphatso. Wogwira ntchito za msonkho akaona ndalama yalowa ku banki popanda kalata yofotokoza kumene yachokera, adzafunsa, ndipo udindo woyankha ndi wa bungwe. Makope awiri osiyana amathetsa vutoli: lina la umembala ndi thandizo, lina la malonda. Thandizo lililonse likhale ndi kalata ya woperekayo yonena kuchuluka kwake ndi ntchito yake. Izi zikukhudzanso ndalama zimene mwana wa m'mudzi amene ali ku Joni watumiza, kapena zimene mpingo wa ku Dedza wasonkha. Zikabwera m'marandi kapena m'makwacha, zilembedwe m'mametikali, pamodzi ndi tsiku ndi mtengo umene zinasinthidwira.

Nanga mphatso imadziwika bwanji? Funso lothandiza ndi limodzi: kodi woperekayo walandirapo kanthu? Ngati walandira katundu kapena ntchito, ndiye kuti wagula, ngakhale papepala palembedwe kuti ndi thandizo. Membala amene wabweretsa thumba la chimanga n'kulipira chigayo sanapereke ndalama ya umembala, walipira ntchito ngati munthu wina aliyense. Kampani ya mbewu imene yapereka ndalama kuti dzina lake lilembedwe ndi penti pakhoma la nkhokwe ya bungwe yagula malo otsatsira malonda. Bungwe lalikulu likalemba ganyu bungwe la alimi kuti liphunzitse midzi isanu, n'kufuna fatura ntchito ikatha, pamenepo pali wogula ndi wogulitsa. Ngakhale feteleza wobwera ngati mphatso, bungwe likamugulitsa kwa alimi kuti lipeze mpamba wozungulira, ndalama yotolerayo ndi ya malonda ndipo iyenera kulembedwa m'kope la malonda.

Makalabu a mpira ndi magulu a zachikhalidwe nawo ali pa muyeso womwewo. Lamulo limawakhululukira pa zimene apeza kuchokera ku masewera kapena magule enieniwo, bola ngati sagawana phindu ndipo ali ndi mabuku oti a msonkho angawaone. Koma ndalama za otsatsa malonda, lendi ya nyumba ndi malonda ena apambali sizilowa m'chikhululukirocho.

Atsogoleri ambiri amatulutsa chikalata chawo cha kulembetsa, poganiza kuti ndicho chowateteza. Mabungwe a alimi ndi oweta ziweto amalembetsedwa motsatira lamulo la nambala 2/2006, lomwe linafewetsa ntchitoyi kuti ithere ku ofesi ya boma yapafupi, pamene mabungwe ena amatsatira lamulo la nambala 8/91. Chikalatacho chimapatsa bungwe dzina pamaso pa lamulo, kuti lithe kutsegula akaunti, kusaina mapangano ndi kutenga nambala ya msonkho ya NUIT. Sichikhululukira msonkho. Chikhululukiro cha mabungwe othandiza anthu chimachita kupemphedwa polemba kalata, ndipo amene amavomereza ndi nduna yoona za chuma. Ngakhale chitaperekedwa, chimakhala ndi malire. Kwa mabungwe amene boma lawazindikira kuti amatumikira anthu onse, lamulo limatchula ntchito zochepa zothandizira cholinga cha bungwe, monga malo odyera, malo olerera ana ndi kugulitsa mabuku. Kugaya chimanga ndi kupikulitsa soya sizili pa mndandandawo.

Woperekayo nayenso ali ndi mbali yake. Kampani imene yathandiza bungwe lozindikirika ikhoza kuchotsa mphatsoyo powerengera msonkho wake, mpaka kufika pa 5 pa 100 aliwonse a phindu limene inakhomerapo msonkho chaka chapitacho. N'chifukwa chake makampani amafunsa NUIT, zikalata za bungwe ndi risiti asanapereke kanthu. Bungwe lopanda mapepalawa nthawi zambiri limangomva kuti thandizo lapita kwa anzawo a mudzi wina.

Pali nthawi imene malonda amakula mpaka kuposa ntchito imene bungwe linayambira. Ngati kugula ndi kugulitsa mbewu ndiyo yasanduka ntchito yaikulu, a msonkho amaliona bungwelo monga momwe amaonera kampani. Apa mamembala ayenera kukambirana zosanduka koperativa, yomwe ili ndi lamulo lake la nambala 23/2009. Koperativa imaloledwa kuchita malonda poyera ndi kugawira mamembala zotsala, zimene bungwe losachita phindu silingachite, ndipo lamulo la IRPC limadula ndi theka mlingo wa msonkho kwa makoperativa a ulimi. Bungwe lokolola m'munda mwake lidziwenso kuti ulimi unapatsidwa mlingo wotsika wa 10 pa 100 kuyambira 2023 mpaka 2025, koma mlingo umenewo unali wa ulimi weniweni, osati wa chigayo.

Chaka cha msonkho chimatha pa 31 Disembala. Bungwe limene lapeza ndalama za malonda limadzaza fomu ya Modelo 22, n'kuipereka ku ofesi ya msonkho ya dera lake mwezi wa Meyi usanathe, pamodzi ndi ndalama ya msonkhoyo. Kuchedwa kumabweretsa chindapusa ndi chiwongoladzanja. Meyi ndi nthawi yokolola, pamene mlembi ndi msungichuma amakhala kumunda ngati wina aliyense, choncho masamuwa ndi bwino kuwatseka mu Febuluwale, malisiti a chaka chatha asananyowe ndi mvula kapena kudyedwa ndi chiswe.